Kalembedwe ka Mfundo Yoti Idzaime Payokha Msonkhano Ukabalalika

Pakati pa zonse zimene zimanenedwa pamsonkhano, kuyambira pa pemphero lotsegulira kufikira pamene wapampando abalalitsa anthu, mawu amene amakhala ndi moyo wautali ndi ochepa ndithu, ndipo kawirikawiri sapitirira mizere isanu ya m'buku la mlembi: ndiwo mawu a mfundo imene anthu amanga. Makani onse, kugwedeza mitu, kung'ung'udza kwa akumbuyo ndi malongosoledwe a wodziwa nkhani zimatsala m'chipinda momwemo. Koma mfundo imatuluka, nipita ku banki, kwa wamalonda, kwa wofufuza mabuku a chuma, ndi kwa komiti yatsopano imene idzalowa m'malo anthu a lero atatula pansi maudindo. Ili ngati mwana wotumidwa kumudzi wakutali popanda wamkulu womuperekeza, amene chinthu chimene sanauzidwe kwawo sangathe kukachinena. Chifukwa chake mlembi wanzeru salembera anthu amene ali naye pamsonkhano, pakuti iwo nkhani aimva kale; amalembera munthu amene panalibe, amene sadziwa wina aliyense wa iwo, ndipo alibe womufunsa.

Tiyerekeze komiti ya sukulu ya pulayimale, ya anthu asanu ndi anayi, imene yakumana chifukwa mphepo yasasula denga la chipinda cha Sitandade 5, ndipo ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Afika anthu asanu ndi awiri. Akambirana kwa nthawi ndithu za kuchuluka kwa malata, za mtundu wake, za mitengo imene mphunzitsi wamkulu anamva kumsika, ndipo pomaliza onse atatopa, wapampando wafunsa ngati agwirizana, anthu n'kuyankha kuti inde. Mlembi, pofika kunyumba madzulo, walemba motere: "Anagwirizana kuti malata aja agulidwe msanga monga tinakambirana, ndipo ndalama zichokere kuthumba." Aliyense wa asanu ndi awiri aja akawerenga mzere umenewu mawa lake adzati n'zoonadi, ndi mmene zinayendera. Ndipo pamenepo ndi pamene pagona ngozi yake, pakuti mzerewo ukumveka kokha chifukwa chakuti wowerengayo akudzaza yekha mipata ndi zimene akukumbukira, ndipo zimene akumbukira anthu asanu ndi awiri sizikhala zofanana miyezi itatu ikapita.

Taonani mawu akuti "aja" ndi akuti "monga tinakambirana". Mawu otere amaloza kunja kwa pepala, ku chinthu chimene chinali pamaso pa anthu tsiku limenelo koma tsopano palibe. Ndipo abale awo ndi ambiri: "nkhani ija", "munthu uja", "ndalama zomwe zija", "monga mwa nthawi zonse", "malinga ndi zimene ananena abambo wapampando". Chinenero chathu n'cholemera ndi timawu tolozera, ndipo pocheza timatithandiza kufupikitsa nkhani. Koma m'mfundo yomangidwa kalikonse ka ito ndi chibowo. Kenaka pali mawu akuti "agulidwe", amene akunena ntchito koma abisa wogwira ntchitoyo. Msungichuma adzayesa kuti agula ndi mphunzitsi wamkulu, popeza ndiye anadziwa mitengo. Mphunzitsi wamkulu adzayesa kuti ndi msungichuma, popeza ndiye asunga ndalama. Ndipo mvula yoyamba idzapeza chipinda chili chapululu, popanda mmodzi amene angatchedwe wolakwa. "Msanga" si tsiku la pakalendala, kotero palibe tsiku limene munthu angaimirire nanena kuti mwachedwa. Ndipo "kuthumba" n'koopsa koposa onse, chifukwa sukulu ikhoza kukhala ndi ndalama za mitundu iwiri, zina zothandizidwa ndi boma zimene zili ndi malamulo ake a kagwiritsidwe ntchito, zina zosonkha makolo. Munthu akatapa kolakwika, ngakhale atagula malata abwino pa mtengo wabwino, adzayankha mlandu umene komiti yonse inamutchera mosadziwa. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo wa ndalama za gulu ndiye suola konse.

Tsono mfundo yomweyo, ikadalembedwa ndi kuwerengedwa anthu asanaimike manja, ikadatha kumveka chotere: "Mfundo 4 ya pa 14 Juni 2025. Komiti ya Sukulu ya Pulayimale yakutiyakuti yamanga mfundo yakuti msungichuma wa komiti agule malata 60 a geji 28, otalika mafiti 10, ndi misomali ya malata yolemera makilogalamu 15, zofolerera chipinda cha Sitandade 5; kuti ndalama zogulira zinthuzi ndi zolipirira galimoto yonyamula zichokere ku akaunti ya zosonkha za makolo, ndipo zonse pamodzi zisapitirire K1,200,000; kuti asanagule, msungichuma atenge mitengo yolembedwa kwa amalonda atatu, naionetse kwa wapampando ndi mphunzitsi wamkulu, nagule kwa wamalonda amene awiriwo asayina pa pepala la mtengo wake; kuti msungichuma amalize kugula pa 31 Julaye 2025 kapena tsikulo lisanafike; ndi kuti apereke malisiti onse kwa komiti pamsonkhano woyamba wotsata tsikulo. Ovomera 5, wokana 1, wosaponya voti 1."

Wina adzati mawuwa achuluka, ndipo n'zoona kuti aposa oyamba aja kangapo. Koma ndikupempha wowerenga ayese kuchotsa chigawo chimodzi, aone ngati sipatseguka khomo la mkangano. Dzina la komiti ndi tsiku zili m'kati mwa mfundo momwemo, osati pamutu pa tsamba pokha, chifukwa mfundo imakopedwa payokha n'kutumizidwa kwina, tsamba loyamba la maminitsi litatsala m'buku. Chaka chalembedwa, pakuti Juni amabwera chaka ndi chaka. Wogula watchulidwa ndi udindo wake, kuti ngati msungichuma wa lero adwala kapena asamuka, wolowa m'malo mwake apeze ntchito ikumudikira. Koma pamene mfundo ikupereka mphamvu kwa munthu weniweni, monga posankha osayinira ndalama ku banki, udindo wokha sukwanira, ayenera kulembedwa mayina athunthu monga alili pa ziphaso zawo, ndi kunena poyera ngati asayine onse kapena awiri mwa atatu. Geji ndi kutalika kwa malata zalembedwa chifukwa malata 60 opyapyala a geji 32 ndi malata 60 a geji 28 ndi zinthu ziwiri zosiyana pa mtengo ndi pa kulimba kwake, ngakhale zonse zimatchedwa malata.

Pa ndalama ndi pofunika kuchedwapo pang'ono. Tiyerekeze kuti tsiku la msonkhano lata limodzi linali pa K18,000, kotero malata 60 ndi K1,080,000; misomali, pa K5,000 pa kilogalamu, ndi K75,000; galimoto ndi K40,000; zonse pamodzi K1,195,000. Komiti siinalembe kuti msungichuma awononge K1,195,000, chifukwa mitengo siima malo amodzi, ndipo kusintha kwa makwacha ochepa kukadamusandutsa wophwanya mfundo. Inaika malire, niti zisapitirire K1,200,000, ninenanso zimene zili m'kati mwa malirewo, kuti pasadzakhale wonena kuti za galimoto zinali zapadera. Tsono ngati pofika Julaye lata lakwera kufika pa K20,000, malata okha adya K1,200,000 yonse, ndipo msungichuma adziwa, popanda womuuza, kuti mphamvu yake yathera pomwepo: sangagule malata 54 mwa nzeru zake, sangatsike ku geji yopyapyala, sangatape ndalama zoonjezera, ayenera kubwerera ku komiti. Ena amaona ngati kumeneku n'kumumanga manja munthu wokhulupirika. Ine ndikuona kuti n'kumutchinjiriza, chifukwa tsiku limene makolo adzafunsa za ndalama zawo, iye adzatulutsa mfundo ndi malisiti, ndipo palibe amene adzamuloza chala.

Palinso timawu tina tating'ono timene timasenza katundu wolemera. Kunena kuti msungichuma "agule" n'kumulamula. Kunena kuti "akhoza kugula" n'kumuloleza, ndipo akapanda kugula sanalakwe. Kunena kuti komiti "ikupempha" kapena "ikulangiza" ndi chinthu chinanso, choyenera pamene komiti ikulankhula kwa amene ilibe pa iwo ulamuliro, monga mfumu ya m'mudzi kapena ofesi ya maphunziro. Alembi ambiri, pofuna kuonetsa ulemu, amafewetsa lamulo nalisandutsa pempho, nalemba kuti "zingakhale bwino atagula", osazindikira kuti asintha chimene anthu anavomera. Ulemu uli ndi malo ake pa moni ndi pa kayitanidwe ka anthu. Koma m'mfundo, mneni ayenera kunena mphamvu yeniyeni imene komiti ili nayo ndi imene yafuna kugwiritsa ntchito. Momwemonso chinthu chimodzi chitchedwe ndi dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: amene wayamba kulemba "komiti" asasinthe kukhala "bungwe" pamzere wachitatu ndi "gulu" pamzere wachisanu pofuna kukometsa chinenero, pakuti wowerenga wa mtsogolo adzayesa kuti akunena magulu atatu.

Mfundo imodzi isenze nkhani imodzi. Ngati pamsonkhano womwewo anagwirizananso zolemba mlonda wausiku, imeneyo ikhale Mfundo 5 payokha, chifukwa munthu akhoza kufuna malata koma osafuna mlonda, ndipo ziwirizi zikamangidwa pamodzi sadziwa kokweza dzanja; mapanga awiri avumbwitsa.

Funso limene alembi amasiyana nalo maganizo ndi lakuti, kodi zifukwa zilembedwe m'mfundo kapena ayi. M'mabungwe akuluakulu muli mwambo woyamba ndi ziganizo za "popeza", zofotokoza chimene chachititsa, kenaka n'kufika pa zimene zalamulidwa. Zigamulo za bungwe la United Nations zimalembedwa chotero, chigamulo chonse chili chiganizo chimodzi chachitali, zifukwa patsogolo, zochita pambuyo zili ndi manambala. Henry Martyn Robert, msilikali wa ku Amereka wodziwa za zomangamanga, amene mu 1876 anatulutsa buku la malamulo oyendetsera misonkhano limene likugwirabe ntchito m'mabungwe ambiri, anatisiyira mwambo wakuti zifukwa zikonzedwe pomalizira, zochita zitakhazikika kale, popeza kusintha kwa zochita kungafune kusintha kwa zifukwa. Kuweruza kwanga n'kwakuti komiti yaing'ono ilembe chifukwa pokhapo pamene chifukwacho ndi chinthu chochitika chimene onse akuchivomereza ndiponso chimene mlendo angachifune kuti amvetse, monga kunena kuti popeza mphepo inasasula denga la chipindacho. Koma zifukwa za mumtima, kapena zoloza munthu chala, monga kunena kuti popeza komiti yakale inalekerera, zisalowemo. Pakuti anthu asanu akhoza kuvomera chinthu chimodzi pa zifukwa zisanu zosiyana, ndipo kuwasenzetsa onse chifukwa cha mmodzi n'kuwanamizira. Chofunika koposa n'chakuti lamulo lisabisale m'chigawo cha "popeza": munthu akaphimba zifukwa zonse ndi dzanja, zotsalazo ziyenera kukhala zokwanira kugwirira ntchito.

Pali chodandaula china chimene sindichipeputsa. Anthu amati chinenero chotere n'cha maloya, chimaopseza amayi ndi abambo a kumudzi amene ndiwo eni sukulu, ndipo chimapatsa mphamvu ophunzira ochepa. Chodandaulachi chikadakhala choona ngati kulemba mwadongosolo kukadatanthauza kulemba ndi mawu ovuta, kapena kuthawira ku Chingerezi pamene anthu anakambirana m'Chichewa. Koma bwererani ku mfundo ya malata ija, muone ngati muli liwu limodzi limene agogo osadziwa kuwerenga sangalimve likawerengedwa mokweza. Chimene chikuipatsa ulemu wake ndi kusasiya mpata, osati kukuluwika. Ngakhale m'Buku Lopatulika, pa chaputala 15 cha Machitidwe a Atumwi, pamene atumwi ndi akulu anatha kutsutsana kwawo ku Yerusalemu, sanadalire kukumbukira kwa anthu: analemba kalata yotchula olemba, yotchula olandira a ku Antiokeya, Suriya ndi Kilikiya, yonena mwachidule chimene chinautsa nkhani, yotchula Yuda ndi Sila amene anatumidwa nayo, ndi yowerenga chimodzichimodzi zinthu zinayi zoyenera kuzipewa. Zolankhula za Petro ndi za Yakobo sizinalowe m'kalatamo. Munalowa chimene anamanga.

Komabe luso lonseli n'lachabe ngati ligwiritsidwa ntchito pa nthawi yolakwika, ndipo apa ndi pamene makomiti athu ambiri amaphunthwa. Mfundo siyenera kupangidwa ndi mlembi ali yekha kunyumba. Iyenera kulembedwa msonkhano uli m'kati, iwerengedwe mokweza liwu ndi liwu, ikonzedwe ngati wina aona polakwika, iwerengedwenso, ndipo pamenepo anthu aimike manja. Mawu amene wapampando wawerenga pomaliza ndiwo amene alowa m'buku, osasintha ngakhale limodzi. Mwambo wa Robert uja umanena zomwezo, kuti maminitsi asunge zimene zinachitidwa osati zimene zinalankhulidwa, ndi kuti wapampando ali ndi mphamvu youza wobweretsa ganizo kuti alilembe papepala. Lamulo la makampani la ku Britain la 2006 linafika patali koposa: chigamulo chapadera, chimene chimafuna mavoti osachepera 75 pa 100 alionse, mawu ake ayenera kulembedwa m'kalata yoitanira msonkhano, kuti munthu adziwe chimene akukavotera asananyamuke kwawo, ndipo chikavomerezedwa chiyenera kutumizidwa kwa wolembetsa makampani m'masiku 15. Komiti ya sukulu siili pansi pa lamulo limenelo, koma nzeru yake ikuikhudza. Nkhanga zinapangana kusanache. Mlembi akalemba yekha pambuyo, ngakhale ali woona mtima chotani, akakamizika kusankha yekha ngati malata anali 60 kapena 65, ngati galimoto inali m'kati kapena kunja. Ndipo pamenepo chigamulo chasanduka cha munthu mmodzi chovala dzina la anthu asanu ndi awiri.

Kuwerenga mokweza kuli ndi phindu linanso limene anthu saliyembekezera, ndilo kuulula kuti anthu amene amayesa kuti agwirizana sanagwirizane. Pamene mlembi awerenga kuti "ku akaunti ya zosonkha za makolo", ndi pamene mayi wina adzadzuka nati iye amayesa kuti ndi ndalama za boma, ndipo kuti za makolo anazisonkhera chimbudzi cha atsikana. Wapampando wotopa amaona ngati kumeneku n'kubwezera msonkhano m'mbuyo, ndipo mtima umamuuza kuti asiye mawu osamveka bwino kuti onse akweze manja, anthu apite kwawo. Yesero limeneli siligwera a kumudzi okha. Pa 22 Novembala 1967, nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi ya mu Juni chaka chomwecho itatha, khonsolo yoona za chitetezo ya United Nations inavomereza ndi mavoti onse Chigamulo 242, chonena za kuchoka kwa asilikali a Israeli m'madera amene analandidwa pankhondoyo. Mawu a m'Chingerezi sananene ngati ndi madera onse kapena ena mwa iwo, pamene a m'Chifalansa ambiri amawamva ngati akunena madera onsewo. Ndipo ena mwa amene analemba ananena pambuyo pake kuti mpatawo anausiya dala. Mavoti onse anapezeka tsiku limenelo, koma kufikira lero mbali ziwiri za mkanganowo zimawerenga chigamulo chimodzi mosiyana. Akazembe a mayiko mwina ali ndi zifukwa zawo zogulira mgwirizano ndi mawu a paliponse, pamene njira ina ndi kusowa chigamulo konse. Koma komiti imene ifuna denga lifoleredwe mvula isanagwe ilibe chifukwa chotero, ndipo kwa iyo mavoti asanu pa mawu omveka aposa mavoti asanu ndi awiri pa mawu amene aliyense akuwamva mwa iye yekha.

Kudziwa ngati mfundo yalembedwa bwino sikuvuta. Ikopereni pa pepala lapadera, popanda china chilichonse cha m'maminitsi, muipereke kwa munthu amene sanali pamsonkhano, monga mphunzitsi wa kalasi ina, ndipo mumufunse kuti anene amene achite, chimene achite, ndalama zake ndi kumene zichokere, tsiku lomaliza, ndi amene adzalandire malisiti. Akayankha zonse osafunsa kanthu, mfundoyo yaima; akangoyamba ndi mawu akuti "kodi apa mumatanthauza", dziwani kuti funso lomwelo adzalifunsa wa ku banki kapena wofufuza mabuku, pa tsiku limene simudzakhalapo kuti muyankhe. Ngati mfundo ikudalira pepala lina, monga mndandanda wa zipangizo umene mmisiri analemba, pepalalo litchulidwe ndi tsiku lake, lisayinidwe ndi wapampando, limatidwe m'buku. Kunena kuti "mndandanda wa mmisiri" kokha n'kubwerera ku "malata aja".

Sindikunena kuti mawu olembedwa bwino amachiza zonse. Mfundo yomveka ngati belu, ikamangidwa ndi anthu osakwana chiwerengero chimene malamulo a komiti amafuna, kapena pa nkhani imene komiti ilibe mphamvu yake, ndi yakufa ngakhale ikongole. N'chifukwa chake maminitsi ayenera kuonetsa amene anafika, ndipo mlembi ayenera kukhala ndi malamulo a bungwe pafupi. Ndiponso mfundo ikapezeka kuti inalakwika, kapena mitengo yaisiya m'mbuyo monga taonera, mankhwala ake si kufufuta nambala m'buku ndi kulemba ina pamwamba, ngakhale onse atavomereza pakamwa. Pokonza maminitsi pamsonkhano wotsatira, chololedwa n'kukonza pamene mlembi analemba zosiyana ndi zimene zinawerengedwa. Koma kusintha maganizo kumafuna mfundo yatsopano, yotchula yakale ndi nambala ndi tsiku lake, monga kunena kuti Mfundo 4 ya pa 14 Juni 2025 yasinthidwa pochotsa K1,200,000 ndi kuikapo K1,320,000, zina zonse zikhale monga zinalili. Potero wobwera m'mbuyo aona njira yonse imene komiti inayenda, ndipo buku likhala mboni yosakayikitsa.

Tsono pempho langa likupita kwa inu apampando, koposa kwa alembi, pakuti mlembi sangaimitse msonkhano koma inu mungathe. Pamene muona kuti anthu ayamba kugwirizana, musafulumire kufunsa ngati onse avomera. Imitsani zokambirana kwa mphindi zisanu, mlembi alembe, awerenge mokweza, ndipo mufunse ngati pali liwu limene wina sakulimva kapena sakulifuna. Musalole dzanja lililonse kukwera mawuwo asanawerengedwe komaliza.